Nyumba ziwiri za banja limodzi: ya ku Eriya 49 inatha m'masabata asanu ndi awiri, ya ku Eriya 25 inatitengera chaka ndi miyezi

Fayilo iyi ndinaitseka kumayambiriro kwa 2025 koma ndimaikumbukirabe nthawi iliyonse banja likabwera kuofesi kudzasainira zogula nyumba, chifukwa m'banja limodzi lomweli munali mitundu yonse iwiri ya umwini, nyumba ina pa dzina la bambo okha, ina pa maina onse awiri, ndiye bambo atamwalira tinaona ndi maso kusiyana kwake popanda kuchita kuyerekeza. Maina sinditchula, manambala a mapuloti sinditchulanso, ndalama ndazizungulitsa pang'ono kuti masamu ake asavute.

Mayiwa anabwera mu Okutobala 2023, patatha miyezi iwiri amuna awo atamwalira. Ndi aphunzitsi a ku pulayimale, komanso kwa zaka zambiri akhala akuoda mpunga wa kilombero ku Karonga n'kumagulitsa kuno ku Lilongwe. Malemu anali akauntanti pa kampani ina. Anakwatirana mu 2002, ana awiri, wina wa zaka 21 wina 19 pa nthawiyo, ndiye panalinso mwana wachitatu, mnyamata wa zaka 27 amene malemu anabereka asanakwatire ndipo anakulira kwa amayi ake ku Dedza. Sanali mwana wobisa ayi, patchuthi ankabwera, fizi ankamulipirira, mayiwa ankamutchula kuti mwana wathu wamkulu.

Anabwera ndi jumbo ya mapepala, mkati muli chilichonse, malisiti a madzi, khadi la ku sikelo la mwana amene pano ali ku koleji, satifiketi ya lizi imodzi, ndi wilo ya tsamba limodzi yotaipa. Atakhala pansi anati, a loya, ine nkhawa yanga ndi nyumba ya ku 49, bambo analemba kuti theka lipite kwa mwana wamkulu ndiye a malume ake ayamba kale kufunsa za lendi, koma ya ku 25 ilibe vuto, imene ija ndi yathu, tinamanga tokha ndipo ndikukhalamo. Ndinawauza kuti mayi tisayambe taweruza, tiyambe tapanga sechi. Zimene sechi inatulutsa zinali zotembenuka ndendende, nyumba imene ankaiopera inali yotetezeka kale ndipo imene ankagonamo mwamtendere ndi imene inali pa moto.

Sechi ndi chinthu chotchipa kwambiri pa ntchito yonseyi koma anthu sachita. Umapita ku kaundula wa malo ku Landzi ndi nambala ya taito, umalipira, amakupatsa pepala losonyeza zimene zalembedwa pa puloti imeneyo. Kaundulayo ali ndi zigawo zitatu, choyamba chimafotokoza malowo, chachiwiri chimanena mwini wake, chachitatu chimanena ngongole ndi zina zonse zimene zamangirira malowo. Pa lamulo la malo olembetsedwa la 1967 chimene chili m'kaundulamo ndiye umwini, pepala limene mumasunga pansi pa matiresi lija ndi umboni chabe wa zimene zinalimo tsiku limene linatuluka, zimene zalembedwa pambuyo pake silingakuuzeni.

Ya ku 49 kaye poti ndi yaifupi. Anaigula mu 2017 ndi mogeji, ndipo maina onse awiri analowa osati chifukwa anakhala pansi n'kukambirana ayi, koma chifukwa salale ya bambo yokha siinkakwana pa ngongole imene ankafuna ndiye banki inati tiphatikize masalale onse awiri, onse awiri musaine. Pa fomu yosinthira umwini pamayenera kulembedwa ngati anthuwo akutenga ngati ma joyinti kapena ma inikomoni, ndipo ngati ndi inikomoni alembenso gawo la aliyense. Amene anakonza mapepala analemba joyinti. Mayiwa sankakumbukira kuti anafunsidwapo, ndipo ndikukhulupirira kuti malemunso sanadziwe tanthauzo lake, umboni wake ndi wilo ija.

Joyinti tanthauzo lake ndi loti palibe amene ali ndi gawo lake lake. Si theka ndi theka ngati mmene anthu amaganizira. Onse awiri ndi eni a nyumba yonse limodzi, kugulitsa kapena kupinyolitsa mpakana onse asaine, ndipo mmodzi akamwalira umwini wonse umatsalira wamoyoyo pompopompo, sudutsa n'komwe m'chuma cha masiye. Inikomoni ndi ina, aliyense ali ndi gawo lodziwika, kaya theka kaya limodzi mwa magawo atatu, nyumbayo siinadulidwe ndi mpanda koma gawolo ndi lake, akamwalira limalowa m'chuma chake cha masiye n'kupita kumene wilo yanena kapena kumene lamulo lanena ngati wilo palibe.

Ndiye wilo ya malemu, ya 2019, inali yabwinobwino pa kalembedwe, anasaina pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo zinasainanso, palibe amene anaitsutsa. Ndime yoyamba inati theka langa la nyumba ya ku Eriya 49 lipite kwa mwana wanga woyamba. Ndime yachiwiri inati zina zonse mkazi wanga ndi ana anga onse atatu agawane mofanana. Vuto ndi loti theka langa limene ankanenalo kunalibe. Tsiku limene anatsikira kulichete nyumba yonse inakhala ya mayi, ndipo wilo imagawa zokhazo zimene zatsala m'dzina la munthu atamwalira, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limachita kunena kuti katundu amene wapita kwa wina chifukwa choti watsala wamoyo sali m'gulu la zogawidwa. Ndime yoyamba ija inangogwa yokha ngati munthu walemba kuti ndikupatsa ng'ombe koma khola linagulitsidwa kale.

Ntchito yake inali yochepa moti ndinachita manyazi polemba bilu. Tinatenga satifiketi ya imfa, tinalemba kalata yopempha kuti dzina la malemu lichotsedwe m'kaundula, tinaphatikiza kalata ya banki yoti mogeji yatha chifukwa inali ndi inshuwalansi ya moyo imene inalipira zotsala, basi. Kukhoti sitinapondeko pa nyumba imeneyi. Masabata asanu ndi awiri, ndipo ambiri mwa masabatawo tinkadikira banki kuti isaine pepala lochotsa chaji yake, ngongole ija imene inalembedwa pa nyumbayo m'kaundula. Khrisimasi isanafike sechi yatsopano inali ikuonetsa dzina limodzi, la mayi, gawo la ngongole lili mbee.

Tsopano ya ku 25. Puloti anaipeza mu 2009, ofa leta inatuluka m'dzina la bambo chifukwa ndi iwo amene anakalemba fomu, lizi ya zaka 99 inatsatira dzina lomwelo, palibe amene anaganizapo kawiri, nanga si ndi bambo a m'nyumba. Anamanga pang'onopang'ono kuyambira 2010 mpaka 2013. Sechi inaonetsa mwini mmodzi, malemu, zimene tinkayembekezera. Chimene sitinkayembekezera chinali m'gawo lachitatu, chaji ya banki ina, ya 2021, ya K15 miliyoni.

Ndinawaimbira kuti abwere, zoterezi sindinena pa foni. Nditawaonetsa anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pepalalo, kenako anati, ndiye lole ija. Malemu anagula lole mu 2021 kuti izinyamula chimanga ndi fetereza, anauza akazi awo kuti ndalama ndi za ngongole ya kuntchito, lole inachita ngozi patatha chaka n'kugulitsidwa ngati zitsulo. Satifiketi ya ku 25 siinali mu jumbo ija chifukwa inali ku banki, mayi ankaganiza kuti ili m'dirowa ya kuofesi kwa amuna awo. Apa ndi pamene pali chizindikiro choyamba chimene aliyense angachione yekha kunyumba, ngati pepala lenileni la nyumba simunalione kwa zaka ndipo mukafunsa yankho ndi loti lili pabwino, kapangeni sechi. Bankiyo siinalakwe kalikonse pa mapepala, m'kaundula munali dzina limodzi, inasainitsa mwini dzinalo. Ikanakhala joyinti chaji imeneyi sikanalembedwa popanda siginecha ya mayi. Ngongoleyi inalibe inshuwalansi ya moyo, ndipo pamene tinkafunsa inali itatsala pafupifupi K9 miliyoni ndi chiwongoladzanja chomwe, ikukwerabe mwezi ndi mwezi.

Choncho nyumba imene mayi ankagonamo inali ndi mavuto atatu nthawi imodzi. Ili m'chuma cha masiye ndiye palibe angaikhudze popanda chilolezo cha khoti. Ili ndi ngongole imene banki ikhoza kuigulitsira. Ndipo pa wilo igawidwa panayi, mayi atenga gawo limodzi ngati mwana aliyense, pa nyumba imene iwo amati theka la njerwa zake ndi thukuta lawo.

Wilo siinatchule munthu woyendetsa chumacho, ndiye tinakapempha ku khoti lalikulu makalata oyendetsera chuma ophatikiza ndi wiloyo, mayi pamodzi ndi mchimwene wa malemu, alamu awo, amene mwamwayi anali munthu wofatsa wosafuna kanthu. Izi zokha zinatenga miyezi isanu, kuwerengetsa katundu, kupeza wovaluwa, mapepala a msonkho, kudikira. Valuwesheni inachitika kumayambiriro kwa 2024 kwacha itagwa kale mu Novembala 2023 muja, ya ku 25 anaiika pa K60 miliyoni, ya ku 49 pa K80 miliyoni. Nthawi yonseyi ndinawauza mayi kuti azilipirabe banki mwezi uliwonse kuchokera ku lendi ya ku 49 ndipo lisiti lililonse azisunga, chifukwa banki ikaona ndalama ikulowa siithamangira kugulitsa, komanso ndalama zimenezo tidzaziwerengera pogawa.

Funso lalikulu limene linandidyera nthawi ndi ili, kodi nyumba yonse ya ku 25 inali ya malemu, kapena gawo lina linali kale la mayi ngakhale dzina lawo mulibe? Anthu ambiri amaganiza kuti ukwati wokha umapangitsa chilichonse kukhala cha onse. Ku Malawi kuno sizili choncho. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko limanena zoti ukwati ukatha mkazi apatsidwe mwachilungamo pa katundu amene anali naye limodzi ndi mwamuna wake, ndipo mawu oti limodziwo ndi amene makhoti akhala akulimbana nawo. Pa mlandu wa Sikwese ndi Banda, khoti la apilo mu 2017 linanena kuti katundu amakhala wa onse ngati panali cholinga choti akhale wa onse, chonenedwa kapena chooneka pa zochita, kapena ngati wodandaulayo anasonkhapo pa kupezeka kwake, kukwatirana kokha sikukwana. Lamulo la maukwati la 2015 pa gawo 74 limapatsa khoti mphamvu yogawa mwachilungamo poyang'ana zinthu zambiri, kuphatikizapo ntchito zapakhomo ngati kusonkha, koma gawo limenelo ndi la pamene banja latha kukhoti onse ali moyo. Mayiwa banja silinathe, anafedwa. Chodabwitsa chake n'chimenecho, akanasudzulana chaka chimodzi m'mbuyo bwenzi ali ndi njira yotakasuka yonenera kuti ndinaphika, ndinalera, ndinagulitsa mpunga, koma ngati namfedwa njira imene inatsala inali yoti asonyeze kuti malemu ankasunga gawo lina la nyumbayo m'malo mwa iwo, ndipo munthu amene akanavomereza zimenezo ali kumanda.

Ndiye tinakhuthula jumbo ija patebulo. Malisiti a ku hadiweya ambiri anali aja a pepala lopyapyala la m'mashini, patatha zaka khumi ndi ziwiri anangosanduka oyera, ungoona chidindo cha sitolo basi. Amene ankawerengeka ambiri analembedwa kashi, opanda dzina. Chimene chinatipulumutsa pang'ono ndi sitetimenti ya ku sako yawo ya aphunzitsi, yoonetsa ngongole ziwiri, K450,000 mu 2011 ndi K650,000 mu 2012, pa fomu cholinga analemba kumanga, ndipo masiku ake ankagwirizana ndi kabuku ka bilidala. Bilidalayo tinamupeza ku Mtandire, wakalamba koma mutu uli bwinobwino, anatulutsa kope la sukulu lopindikapindika m'mene ankalemba kuti lero madamu abweretsa malata 64, lero madamu apereka ya simenti matumba 20, lero bwana apereka ya matabwa. Ndinamufunsa kuti achimwene kopeli munalisungiranji zaka zonsezi, anati mabwana amaiwala zimene analipira ndiye ine sinditaya.

Pa mapepala tinatha kusonyeza K1.1 miliyoni ya mayi pa nyumba imene yonse, ndi puloti yomwe, inadya pafupifupi K4 miliyoni pa ndalama za nthawiyo. Kungopitirira kota pang'ono. Zotsalazo, ndalama za mpunga zimene zinkagula ndiwo ndi kulipira fizi kuti salale ya bambo ipite ku njerwa, ine ndikukhulupirira kuti n'zoona koma zinalibe pepala. Ndinawauza mosabisa kuti mayi kukhoti tikhoza kupempha theka, ndipo pali milandu yakale imene inanena kuti zikaoneka kuti onse anasonkha koma magawo sakudziwika khoti ligawe pakati, koma woweruza wina akhoza kungoyang'ana zimene zili pa pepala n'kukupatsani kota, ndipo mulimonsemo ndi zaka osati miyezi, chiwongoladzanja cha banki chikuyenda, ndipo amene mukamuzenge mlandu ndi mwana amene munkamuphikira patchuthi.

Masamu ndinawalembera papepala motere. Nyumba yonse ikakhala ya malemu, K60 miliyoni kuchotsa K9 miliyoni ya banki kutsala K51 miliyoni, kugawa panayi aliyense K12.75 miliyoni. Khoti likavomereza kuti theka linali kale la mayi, K30 miliyoni ichoka kaye, ngongole tiikankhire ku theka la malemu poti anatenga okha, kutsala K21 miliyoni, panayi aliyense K5.25 miliyoni. Kwa mayi ndi ana awo awiri kusiyanaku sikunali kwenikweni chifukwa onse akukhala nyumba imodzi, mkangano wonse unali pa gawo la mwana wamkulu, K12.75 miliyoni kapena K5.25 miliyoni, kusiyana K7.5 miliyoni. Mlandu wa zaka zitatu ndi maloya mbali zonse ukhoza kudya ndalama yoyandikira pomwepo.

Msonkhano wovuta unali wa mu Meyi 2024. Mnyamata uja anabwera ndi a malume ake, bambo wachikulire wa jekete la bulauni amene anakhala ndi fotokope ya wilo m'manja nthawi yonse osaiika pansi. Iwo ankadziwa kuti mphwawo ali ndi K40 miliyoni ku 49, bambo ake analemba, mboni zinasaina, chavuta n'chiyani. Ndinawafotokozera za joyinti kawiri, kachitatu ndinachita kujambula. Anandiyang'ana n'kunena kuti, a loya, ndiye mukutiuza kuti mawu a munthu wakufa agonja ndi mawu amodzi amene kalaliki analemba pa fomu? Ndinati bambo, ndi momwemo, ndipo musangomvera ine poti ine ndikuimira mayiwa, pitani kwa loya wina kapena ku Ligo Edi akakuuzeni. Anapitadi, anauzidwa zomwezo. Mnyamatayo sanayankhule zambiri tsiku limenelo, anangofunsa mayiwo kuti amayi, inu munkadziwa? Iwo anati mwananga ndikanadziwa bwenzi nditabwera kwa loya ndi mantha a nyumba yolakwika?

Apa ndinene maganizo anga, chifukwa nkhani ngati iyi anthu amaifotokoza ngati umboni woti joyinti ndiye yabwino basi, lembetsani maina onse awiri mugone. Kwa mayiwa inawathandizadi. Koma tayang'anani mbali ya malemu, munthu anali ndi cholinga chomveka, ankafuna mwana wake woyamba apeze kanthu kooneka, analipira mogeji zaka zisanu ndi chimodzi akuganiza kuti theka ndi lake loti apereke, ndipo chifuniro chakecho chinalephereka chifukwa cha mawu a pa fomu aja amene palibe anamufotokozera. Akanalemba inikomoni theka ndi theka, wilo ikanagwira ntchito ndendende. Olo pambuyo pake, mu 2019 polemba wilo, akanapita kwa munthu wodziwa akanauzidwa kuti joyinti imatheka kuidula n'kukhala inikomoni, pali fomu yake imene eni onse amasaina n'kukailembetsa, koma mawu oti onse ndi ofunika, sungadzuke wekha m'mawa n'kukadula mwakachetechete, ndiye zikanafuna kuti akhale pansi ndi akazi awo n'kunena zimene akufunira mwana wa ku Dedza. Mwina n'chifukwa chake anasankha kungolemba kapepala n'kusunga.

Ndipo joyinti ili ndi mbali ina imene amuna ndi akazi omwe saiganizira. Wotsalayo akatenga nyumba yonse ndi yake ndithu, akhoza kugulitsa, akhoza kukwatiranso n'kulembetsa mnzake watsopano, akhoza kuisiyira abale ake. Akanayamba kumwalira ndi mayiwa, nyumba ya ku 49 yonse ikanapita kwa bambo, kenako n'kudzagawidwa kwa ana atatu kapenanso ndi mkazi wina, salale ya mayi ya zaka zonse zija ili momwemo. Banja limene ana onse ndi a onse awiri ndipo nyumba ndi imodzi yomwe akukhalamo, ine ndimalangiza joyinti mosakayika, chifukwa chofunika kwambiri pamenepo n'choti wotsalayo asayende m'makhoti ndi m'misonkhano ya abale kuti agone m'chipinda chake. Koma pakakhala mwana wa kunja kwa banjalo mbali iliyonse, kapena wina walowetsa ndalama zochuluka kwambiri zochokera kwawo, ndimayamba ndafunsa kuti mukamwalira mawa mukufuna gawo lanu lipite kwa ndani, yankho likakhala lina osati mnzanuyu ndiye ndi inikomoni ndi wilo, ndipo mu wilomo mulembe zoti wotsalayo akhalebe m'nyumbamo moyo wake wonse ngati ndi zimene mukufuna.

Za dzina limodzi, sindikunena kuti nthawi zonse ndi chiwembu. Nyumba imene munthu anali nayo asanakwatire, kapena ya makolo ake, pali zifukwa zoisiyira momwemo. Koma ya ku 25 siinali yotero, inali ya onse pa chilichonse kupatula pa kaundula, ndipo zotsatira zake zinali zoti mmodzi ankatha kuipinyolitsa yekha pamene winayo anafunika kope la bilidala kuti asonyeze kuti analipo. Mayiwa akanakhala ndi njira ziwiri amuna awo ali moyo. Yoyamba kuwonjezera dzina, zimene anthu amaganiza kuti ndi kungolemba ndi bolopeni pa satifiketi koma ayi, ndi kusintha umwini kwathunthu, kuchoka kwa bambo kupita kwa bambo ndi mayi, pamafunika chilolezo cha eni lizi, girawundi lenti ndi maleti a khonsolo zikhale zolipira, chikalata cha MRA, sitampu, ndipo ngati pali chaji banki ivomere. Zimadya ndalama ndi miyezi koma n'zochepa poyerekeza ndi zimene tinadutsamo. Yachiwiri, ngati bambo akukana kapena akuzengereza, ndi kosheni. Munthu amene akuti ali ndi gawo pa malo olembetsedwa akhoza kukaika kosheni ku kaundula, amalumbira kufotokoza gawo lakelo, ndipo ikalembedwa zogulitsa kapena zopinyolitsa zotsutsana nayo sizilembetsedwa popanda iye kuvomera kapena khoti kulamula. Kosheni siikupatsa umwini, imangotseka chitseko, mwini dzina amadziwitsidwa ndipo akhoza kupempha kuti ichotsedwe, komanso ukaiika popanda chifukwa chomveka ukhoza kulipitsidwa. Pakhomo imabweretsa mkangano, zimenezo sindibisa. Koma kosheni ya mu 2020 ikanaimitsa chaji ya mu 2021.

Mmene zinathera. Mayi anasankha kusapita kukhoti pa za kusonkha kwawo. Tinagwirizana kuti nyumba ya ku 25 iwerengedwe yonse ngati ya malemu, mwana wamkulu gawo lake K12.75 miliyoni, ndipo mayi mwa kufuna kwawo anawonjezerapo K5.25 miliyoni kuti ikwane K18 miliyoni. Ine ndinawauza kawiri kuti lamulo silikukukakamizani ngakhale tambala pa zowonjezerazi ndipo ndinalemba m'fayilo kuti ndawauza, iwo anati ndamva a loya koma bambo ake anamulembera kanthu ndiye asachoke ngati sanalembedwe. Ndalamayo analipira K10 miliyoni poyamba kuchokera ku gawo lawo la penshoni ya malemu, zotsalazo pang'onopang'ono ndi lendi ya ku 49 ndi mpunga, ndipo mnyamatayo anasaina kuti gawo lake la ku 25 walipereka kwa mayi. Ngongole ya banki anamaliza okha mayi, ana awo awiri sanawawerengere. A malume aja sanasangalale kwenikweni, K18 miliyoni si K40 miliyoni, koma anasaina ngati mboni. Mgwirizanowo tinakausiya kukhoti kuti ukhale m'fayilo ya chumacho.

Banki itachotsa chaji, oyendetsa chuma anasamutsa nyumba ya ku 25 kupita kwa anthu atatu. Pa fomu pamene pamafunsa mtundu wa umwini ndinaima, ndinawaitana onse atatu, ndinafotokozanso kuyambira pachiyambi ngati sindinanenepo. Mtsikana wa zaka 19 uja, amene pa nthawiyi anali atakwanitsa 20, ndi amene anafunsa funso labwino, anati ndiye tikalemba joyinti ine n'kudzamwalira ndili ndi mwana, mwana wangayo sapeza kanthu, zonse zipita kwa achimwene ndi amayi? Ndinati eya. Analemba inikomoni, mayi theka, ana kota kota. Ya ku 49 ili pa dzina la mayi okha tsopano, ndiye ndinawakonzera wilo yawo mwezi womwewo, ndime iliyonse titaiyerekeza kaye ndi sechi yatsopano ya nyumba zonse ziwiri, ndipo jumbo ija anaisiya kuofesi kwathu, kope la bilidala tinamubwezera mwini wake atatumiza mwana kawiri kudzalifunsa.